Kusankha pakati pa Legacy ndi UEFI poika Windows pa kompyuta

Anthu ambiri amene amagula malaputopu ogwirapo kale ntchito m'mashopu a ku Old Town kuno ku Lilongwe amakakamira pamalo amodzimodzi akafuna kuikamo Windows watsopano. Fulashi yakonzedwa, kompyuta yayaka, koma pofika posankha disiki pamatuluka uthenga wakuti `The selected disk is of the GPT partition style.` Ena amapeza wosiyana nawo, wakuti `The selected disk has an MBR partition table. On EFI systems, Windows can only be installed to GPT disks.` Mauthenga onse awiriwa sakutanthauza kuti disiki yafa kapena kuti fulashi ndi yoipa. Gwero lake ndi limodzi: njira imene kompyuta yabutira siikugwirizana ndi mmene disikiyo inagawidwira. Kwa Windows lamulo lake silisintha, Legacy imayenda ndi disiki ya MBR ndipo UEFI imayenda ndi disiki ya GPT, choncho ntchito yonse ili pakudziwa zimene muli nazo ndi kugwirizanitsa mbali ziwirizi musanafufute kanthu.

## Zofunika kukhala nazo

- Fulashi ya 8 GB kapena kuposa, yopanda kanthu kofunika, chifukwa idzafufutidwa yonse.
- Fayilo ya ISO ya Windows 10 kapena Windows 11 ya 64-bit.
- Pulogalamu ya Rufus, yokonzera fulashi.
- Hadi disiki yakunja yosungira mafayilo anu onse.
- Chaja, ndi batire yodzaza. Ngati ndi kompyuta ya padesiki, gwirani ntchitoyi pamene ili pa UPS, popeza magetsi akazima disiki ili mkati mosinthidwa mukhoza kutsala ndi kompyuta yosabuta.
- Foni yojambulira sikirini ya BIOS musanasinthe chilichonse.

## Kusiyana kwake mwachidule

Mukadina batani loyatsira, pulogalamu yaing'ono yokhala pa mazabodi, imene ambiri amangoitcha BIOS, ndiyo imayamba kugwira ntchito, ndipo udindo wake ndi kupeza Windows n'kumudzutsa. Mu Legacy pulogalamuyi siidziwa kuwerenga mafayilo. Imangopita pachiyambi penipeni pa disiki, n'kutenga mabaiti 512 oyamba, otchedwa MBR, n'kuchita zimene zalembedwamo. Ili ngati mwana wotumidwa kukagogoda pa khomo loyamba la mdadada wa nyumba: akapeza palibe woyankha amabwerera, ngakhale wofunidwayo ali m'nyumba yachitatu. M'mabaiti 512 omwewo ndi mmene mulinso ndandanda ya mapatishoni, kutanthauza zigawo za disiki, ndipo kuchepa kwa malowo n'kumene kumachititsa kuti disiki ya MBR isapyole mapatishoni akuluakulu 4, komanso isagwiritse ntchito malo opyola 2 TB.

UEFI imadziwa kuwerenga mafayilo. Imafunafuna patishoni yaing'ono ya FAT32 yotchedwa `EFI System Partition`, imene Windows kawirikawiri amaipatsa 100 MB, n'kutsegulamo fayilo yothera ndi `.efi`. Mayina a zimene ingabute imawasunga pa mazabodi, n'chifukwa chake pa ndandanda yake mumaona `Windows Boot Manager` osati dzina la hadi disiki. Disiki ya GPT imalola mapatishoni 128 pa Windows, siima pa 2 TB, ndipo imasunga kope lachiwiri la ndandanda yake kumapeto kwa disiki. Secure Boot, imene imakana kutsegula fayilo yobutira yopanda siginecha yovomerezeka, imagwira mu UEFI mokha.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti makompyuta ochuluka a kuyambira cha m'ma 2012, pamene Windows 8 anatuluka, ali ndi UEFI kale, koma ali ndi mbali yotchedwa CSM imene imatsanzira BIOS yakale. Choncho mukaona mawu akuti Legacy pa laputopu ya 2016, sizikutanthauza kuti laputopuyo ilibe UEFI. Munthu amene anaikamo Windows ndiye anasankha njira yakaleyo. Pa makompyuta ambiri atsopano a kuyambira cha m'ma 2020 CSM kulibenso, ndipo pamenepo palibe chosankha.

## Sitepe 1: Onani njira imene kompyuta ikubutira panopa

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `msinfo32`, ndipo m'zimene zatulukazo funani mzere wa `BIOS Mode`. Pamenepo palembedwa `Legacy` kapena `UEFI`. Pa Linux lembani lamulo ili:

```
ls /sys/firmware/efi
```

Pakatuluka mayina a mafayilo ndiye kuti muli mu UEFI, koma likanena kuti malowo kulibe muli mu Legacy.

Chenjezo: musaweruze poona maonekedwe a sikirini ya BIOS. Sikirini yabuluu ya zilembo zokhazokha, yosalola mausi, ikhoza kukhala ya UEFI ndithu.

## Sitepe 2: Onani mmene disiki inagawidwira

Tsegulani Command Prompt posankha `Run as administrator`, kenaka lembani:

```
diskpart
list disk
exit
```

Yang'anani kumapeto kwa mzere wa disiki iliyonse, pansi pa mawu akuti `Gpt`. Pakakhala kanyenyezi disikiyo ndi ya GPT, pakakhala pululu ndi ya MBR. Lembani pa pepala nambala ya disiki imene muli Windows ndi kukula kwake. Nthawi zambiri imakhala `Disk 0`, koma pa kompyuta ya madisiki awiri musangoganizira, itsimikizeni ndi kukula kwake. Ngati Windows sakuyaka n'komwe, malamulo omwewa amagwira mukabuta pa fulashi n'kudina Shift pamodzi ndi F10.

## Sitepe 3: Sankhani njira yoyenera kompyutayo

Maganizo anga ndi akuti kompyuta iliyonse imene ili ndi UEFI ndipo ikuikidwa Windows wa 64-bit iikidwe mu UEFI, pokhapokha patakhala chifukwa chenicheni chokanira. Pali nthawi zina pamene simungachitire mwina. Windows 11 amafuna UEFI, kompyuta yotha kuyatsa Secure Boot, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 wamba pa 14 Okutobala 2025, funso limeneli likufika pa desiki la mmisiri aliyense. Disiki yoposa 2 TB imene mukufuna kubutirapo imafunanso UEFI, ndipo chimodzimodzi ma SSD a NVMe pa mamazabodi ambiri.

Legacy ikadali ndi malo ake. Kompyuta yakale ya m'nthawi ya Core 2 Duo nthawi zambiri ilibe UEFI yobutira Windows, choncho fulashi yake iyenera kukhala ya MBR. Windows wa 32-bit sabuta pa UEFI ya 64-bit, imene ndiyo ili pa makompyuta pafupifupi onse, ndiye ngati makina ena a mu ofesi, monga chosindikizira chakale, ali ndi dalaivala wa 32-bit yekha, kompyuta yowayendetsa ikhale pa Legacy. Windows XP sadziwa UEFI, ndipo Windows 7, ngakhale wa 64-bit, sagwirizana ndi Secure Boot komanso kawirikawiri amafunabe CSM kuti aonetse zithunzi poyaka. Palinso makadi akale a zithunzi a pa makompyuta a padesiki amene sadziwa UEFI: mukazimitsa CSM sikirini imangokhala bii, mpaka mutachotsa khadilo kapena kubwezeretsa BIOS.

Palinso chifukwa china chimene amisiri ena sakonda kuchimva. Kompyuta imene ikuyenda bwino pa Legacy, ndipo purosesa yake ndi yakale moti Windows 11 sangailandire, siyenera kusinthidwa. UEFI imafupikitsa pang'ono nthawi yoyakira, koma Windows akangoyaka liwiro la Word, Excel kapena intaneti silisintha. Wofuna liwiro agule SSD.

## Sitepe 4: Ngati mukuika Windows watsopano, konzani fulashi mogwirizana

Mu Rufus, mutasankha fayilo ya ISO, yang'anani mabokosi awiri oyandikana. Pa UEFI, `Partition scheme` ikhale `GPT` ndipo `Target system` ikhale `UEFI (non CSM)`. Pa Legacy, `Partition scheme` ikhale `MBR` ndipo `Target system` ikhale `BIOS (or UEFI-CSM)`. Fulashi yokonzedwa mwa njira yoyamba siidzabuta Windows pa kompyuta ya Legacy, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaitaya fulashi yabwinobwino poyesa kuti yawonongeka.

Chenjezo: musayese kungokopera mafayilo a m'kati mwa ISO pa fulashi ya FAT32. FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB, ndipo `install.wim` ya Windows wamakono nthawi zambiri imaposa pamenepo. Rufus amadziwa kulambalala vutoli.

## Sitepe 5: Butani pa fulashi mwa njira imene mwasankha

Iyi ndiyo sitepe imene imatsimikiza zonse, ngakhale imaoneka yaing'ono. Windows safunsa paliponse kuti mukufuna Legacy kapena UEFI, amangotsatira njira imene fulashi yabutira. Lumikizani fulashi, yatsani kompyuta, n'kudina mobwerezabwereza batani lotsegulira ndandanda ya zobutira, lomwe ndi F9 pa HP, F12 pa Dell ndi pa Lenovo ThinkPad. Pa kompyuta imene njira zonse ziwiri n'zotsegula, fulashi imodzi ikhoza kuoneka kawiri, kamodzi ndi mawu akuti `UEFI` patsogolo pa dzina lake, kenanso popanda mawuwo kapena pansi pa mutu wa `Legacy`. Mzere umene mwadinawo ndiwo njira imene Windows adzakhazikikamo.

Tsopano mauthenga awiri aja akumveka. Wonena za `GPT partition style` ukutanthauza kuti mwabuta mu Legacy pamene disiki ndi ya GPT, ndipo mankhwala ake ndi kuzimitsa kompyuta n'kusankha mzere wa UEFI, ndipo ngati fulashi munaikonzera Legacy muikonzenso mwa njira ya UEFI; disikiyo musaikhudze. Wonena za `MBR partition table` ukutanthauza kuti mwabuta mu UEFI pamene disiki ndi ya MBR. Apa muli ndi njira ziwiri. Ngati mafayilo onse mwawasunga kale kwina ndipo mukufunadi kuyambiratu, dinani Shift ndi F10 n'kulemba:

```
diskpart
list disk
select disk 0
clean
convert gpt
exit
```

Chenjezo lalikulu: lamulo la `clean` silifunsa kawiri, ndipo limachotsa mapatishoni onse a disiki yosankhidwayo, kuphatikizapo D: imene anthu ambiri amaiona ngati disiki ina pamene ili chigawo chabe cha disiki yomweyo. Fulashi yanu nayonso imaoneka pa ndandandayo, choncho yerekezani nambala ndi kukula kwa disiki musanadine Enter. Ngati simukufuna kutaya kanthu, tsatirani sitepe yotsatirayi m'malo mwake.

## Sitepe 6: Kusamutsa Windows amene alipo kuchoka ku Legacy popanda kufufuta

Tiyerekeze laputopu ya HP EliteBook ya purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, imene ikugwira ntchito m'kashopu kosindikiza ndi kufotokopa ku Area 25. Purosesa yake ndi yololedwa pa Windows 11, ili ndi TPM 2.0, koma pulogalamu ya PC Health Check ikuikana ponena za Secure Boot. Pa `msinfo32` palembedwa `Legacy`, ndipo disiki yake ya 256 GB ilibe kanyenyezi. Wogulitsa anaikamo Windows 10 pogwiritsa ntchito fulashi ya MBR, monga ambiri amachitira pofuna fulashi imodzi yolowa pa makompyuta akale ndi atsopano omwe. Laputopu ngati iyi siifunika kufomatidwa, popeza kuyambira pa Windows 10 wa 1703 muli chida chotchedwa `mbr2gpt`.

Choyamba, koperani mafayilo onse ku hadi disiki yakunja, chifukwa kusinthaku kulibe lamulo lokubwezera m'mbuyo. Chachiwiri, lowani mu BIOS podina F10 pamene ikuyaka, mutsimikize ndi maso anu kuti njira ya UEFI ilimo, mujambule sikiriniyo, koma musasinthe kanthu. Ngati BitLocker, imene imakiya zonse za pa disiki, ndi yoyatsa, iimitseni posankha `Suspend protection` ndipo sungani kiyi yake ya manambala 48 pa pepala. Mukatero tsegulani Command Prompt ngati administireta n'kulemba:

```
mbr2gpt /validate /disk:0 /allowFullOS
```

Lamuloli limangoyeza, silisintha kanthu. Pa laputopu yathuyi yankho likubwera lakuti `Disk layout validation failed for disk 0`. Mukatsegula Disk Management mupeza chifukwa chake: pali `System Reserved`, pali C:, pali patishoni ya `Recovery`, ndiye pali D: imene wogulitsa anaidula kuti muzisungidwa mafayilo a makasitomala. Onse pamodzi ndi anayi, pamene chidacho chimalola mapatishoni akuluakulu atatu okha. Sichichita izi mwankhanza ayi: chimafuna malo achinayi a pa ndandanda ya MBR kuti chipangepo patishoni ya EFI chisanatembenuze disiki. Chimakananso disiki iliyonse yokhala ndi patishoni ya mtundu wa `Extended`, imene mu Disk Management imazindikirika ndi mzere wobiriwira wozungulira, ndipo D: yopangidwa ndi Disk Management pa disiki ya mapatishoni atatu imakhala ya mtundu umenewu.

Yankho lake ndi kuchotsa D:. Mutatsimikiza kuti zonse za mu D: zikutseguka bwino kuchokera ku hadi disiki yakunja, dinani pa D: ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha `Delete Volume`. Pakatsala malo obiriwira olembedwa `Free space`, achotseninso ndi `Delete Partition` mpaka akhale `Unallocated`. Musakhudze `System Reserved`, chifukwa mmenemo ndi mmene muli mafayilo obutira Windows wa Legacy. Bwerezani kuyeza kuja, ndipo mukaona `Validation completed successfully`, lumikizani chaja n'kulemba:

```
mbr2gpt /convert /disk:0 /allowFullOS
```

Ntchitoyi imatha m'kanthawi kochepa, ndipo pamapeto chidacho chimakukumbutsani kuti musinthe BIOS ikhale pa UEFI. Nthawi zina chimadandaulanso kuti chalephera kukonza `ReAgent.xml`. Limeneli si vuto loletsa kubuta, ndipo limatha mukalemba `reagentc /disable` kenaka `reagentc /enable` Windows atayakanso.

## Sitepe 7: Sinthani BIOS, kenaka tsimikizani

Panthawi ino disiki ndi ya GPT koma mazabodi akufunabe MBR, choncho mukangoyatsanso laputopu osasintha kanthu, HP ikhoza kulemba kuti `Boot Device Not Found`. Musachite mantha, mafayilo onse alipo. Dinani F10, pitani ku `Advanced`, kenaka `Secure Boot Configuration`, n'kusankha `Legacy Support Disable and Secure Boot Enable`. HP imaonetsa manambala anayi pa sikirini ikamayakanso, ndipo muyenera kuwalemba n'kudina Enter kuti kusinthako kuvomerezedwe. Mukawadumpha zonse zimabwerera mwakale. Pa Dell mumalowa ndi F2, ndipo chosankhacho chili pa `Boot Sequence`, pansi pa `Boot List Option`, komanso Secure Boot siiyaka mpaka mutachotsa chizindikiro pa `Enable Legacy Option ROMs`. Pa ThinkPad mumalowa ndi F1, ku `Startup`, pa `UEFI/Legacy Boot`.

Windows akayaka, tsegulaninso `msinfo32`. `BIOS Mode` ikhale `UEFI` ndipo `Secure Boot State` ikhale `On`. Pa malo a `Unallocated` aja panganinso D:, mubwezeretse mafayilo, n'kuyambitsanso BitLocker.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Chofala kwambiri ndi kusintha BIOS kuchoka pa Legacy kupita pa UEFI disiki ikadali ya MBR, poganiza kuti kusinthako kokha n'kokwanira. Kompyuta imasiya kubuta, mwiniwake n'kuthamangira kwa mmisiri amene amaifomata. Chonsecho chinkangofunika ndi kubwezera chosankhacho pomwe chinali, ndipo apa ndi pamene chithunzi cha pa foni chija chimathandiza. Disiki ndiyo imayamba kusinthidwa, BIOS pambuyo.

Vuto lomweli limabweranso lokha popanda wina kukhudza kanthu. Batire yaing'ono ya pa mazabodi, imene pa makompyuta a padesiki imakhala CR2032, ikatha mphamvu, makompyuta ambiri amaiwala zosankhidwa n'kubwerera ku za kufakitale, zimene pa makompyuta a pambuyo pa 2012 nthawi zambiri zimakhala UEFI. Kompyuta ya Windows wa Legacy imene inazimitsidwa Lachisanu ili bwino imapezeka Lolemba ikunena kuti palibe disiki yobutira. Chizindikiro chake ndi tsiku ndi nthawi ya mu BIOS zimene zabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Musanagule hadi disiki ina, bwezerani Legacy, ikani tsiku loyenera, ndipo sinthani batireyo.

Ena pofunafuna UEFI amasinthanso `SATA Operation` kuchoka pa `RAID On` kupita pa `AHCI`, kapena mosinthanitsa. Chimenechi n'chosankha china chosakhudzana ndi nkhaniyi, ndipo zotsatira zake ndi sikirini yabuluu yolembedwa `INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE`. Uthengawu ukatuluka, dziwani kuti Windows wapezeka ndipo wayamba kudzuka, choncho vuto si Legacy kapena UEFI. Bwezerani SATA pomwe inali.

Oika Linux pambali pa Windows, monga ophunzira ambiri a zamakompyuta amachitira, amalakwitsa pobuta fulashi ya Ubuntu mu Legacy pamene Windows ali mu UEFI. Zonse zimalowa bwino, koma GRUB, pulogalamu yobutira ya Ubuntu, ikaikidwa mu Legacy singadzutse Windows wa UEFI, ndiye munthu amatsala akulowa mu BIOS nthawi iliyonse akafuna kusintha. Onse awiri aikidwe mwa njira imodzi, ndipo palibe chifukwa chozimitsira Secure Boot poika Ubuntu, popeza fayilo yake yobutira ili ndi siginecha yovomerezeka.

Chomaliza chikukhudza kusamutsa hadi disiki kuchoka mu kompyuta yakufa kupita mu yatsopano. Disiki ya MBR yochokera mu laputopu yakale siidzabuta mu kompyuta yopanda CSM, ngakhale ikuoneka bwinobwino pa ndandanda ya madisiki. Butani pa fulashi ya Windows, dinani Shift ndi F10, pezani nambala ya disikiyo ndi `list disk`, n'kuyendetsa `mbr2gpt /validate` kenaka `mbr2gpt /convert` ndi nambalayo, koma popanda `/allowFullOS`, chifukwa mawu amenewo amafunika pokhapokha pamene mukuyendetsa chidacho m'kati mwa Windows amene wayaka.